Kusamala zipewa ndi masikafu oluka m'nyengo yozizira

Juni wafika, ndipo amene mukutimvera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Thyolo simukusowa wokuuzani kuti kunja kwazizira. Zipewa zoluka ndi masikafu zatuluka m'masutikesi, zina zagulidwa kumene pa kaunjika, zina analuka agogo kapena mayi a pakhomo. Lero tikambirane madandaulo awiri amene amamveka chaka chilichonse. Wina amati chipewa chake anangochichapa kamodzi, chinakhwinyata mpaka anapatsa mwana. Wina amati sikafu yake yatuluka timibulu taubweya thupi lonse, ikuoneka yakale pomwe anaigula mwezi wathawu.

Ndiyambe ndi kunena mosabisa kuti zovala zoluka zambiri sizithera pamutu kapena m'khosi, zimathera m'beseni. Kachapidwe kamene tinaphunzira tili ana, kopaka sopo wamtanda, kufikisa, kumenyetsa pamwala, kupotokola ndi kuyanika pachingwe, n'kabwino pa chitenje ndi yunifolomu ya sukulu. Pa chinthu choluka, chilichonse mwa zinthu zimenezi chimawononga.

Koma tisanafike pa beseni, tidziwe kaye kuti chipewa chathu ndi cha ulusi wanji, chifukwa ulusi umene tonse timangoutchula kuti wulu suli wamtundu umodzi. Pali ubweya weniweni wa nkhosa. Pali akiriliki, ulusi wopangidwa kufakitale kuchokera ku mafuta a pansi, ndipo ambiri mwa maulusi otsika mtengo amene timagula m'masitolo kuti tilukire ana ndi amenewa. Palinso thonje. Ubweya wa nkhosa ndi umene umakhwinyata. Akiriliki sakhwinyata m'madzi, iye mdani wake ndi moto, ndipo ndi amene amasunga timibulu kwambiri. Thonje likanyowa limalemera n'kutamuka.

Ngati chipewa chili ndi kansalu kolembapo m'kati, werengani. Pamakhala maperesenti a ulusi uliwonse, komanso tizithunzi. Kabeseni kokhala ndi dzanja m'kati kakutanthauza kuchapa pamanja. Kabeseni kolembedwa 30 kakutanthauza kuti madzi asapitirire madigiri 30. Kabokosi kokhala ndi mzere wogona pakati kakutanthauza kuyanika chogoneka. Kachizindikiro ka makona atatu kothethedwa kakuletsa mankhwala oyeretsera zovala. Koma zambiri za pa kaunjika zimabwera kansaluko katadulidwa kale, ndipo cholukidwa pakhomo sichikhala nako n'komwe. Pamenepo pali njira yosavuta. Tembenuzani chipewa, mupeze kansonga ka ulusi kamene woluka anasiya m'kati, mudulepo kachidutswa kakang'ono osakhudza mfundo. Kaikeni m'mbale yachitsulo panja, mukayatse ndi machesi. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera, moto wake umazima msanga, ndipo chotsalacho mukachitikita ndi zala chimasanduka phulusa. Akiriliki amayaka mwamphamvu, amasungunuka, n'kusiya kachibulu kakuda kolimba kamene sikaphwanyika. Musakagwire kasanazizire, kamamata pakhungu. Thonje limanunkha pepala lopsa ndipo phulusa lake n'lofewa, lotuwa. Ulusi wosakaniza umaonetsa zonse ziwiri, fungo la tsitsi ndi kachibulu kolimba, ndipo woterowo muziuchapa ngati ubweya weniweni.

Nanga ubweya umakhwinyata bwanji? Tsitsi limodzi la nkhosa, mukaliona pa makina okuza zinthu, silosalala. Lili ndi timamba tosanjikizana toloza mbali imodzi, ngati mamba a chambo. Ubweya ukanyowa, makamaka m'madzi otentha ndi a sopo waukali, tsitsilo limafufuma ndipo timambato timadzuka. Mukayamba kufikisa, tsitsi lililonse limasuntha, koma chifukwa cha timamba lija limangoyenda mbali imodzi, silingabwerere. Likakumana ndi linzake zimakolana. Mukapitiriza kufikisa zimakolanabe, mipata ya pakati pa maso a cholukacho imatsekeka, chipewa chimakhuthala, chimauma gwa, n'kuchepa. Umu ndi mmene amapangira dala nsalu yokhuthala ya zipewa za feluti. Choncho zinthu zitatu zimathandizana kuwononga chipewa: chinyezi, kutentha ndi kufikisa. Pa zitatuzi choopsa kwambiri ndi kufikisa. Chipewa chikhoza kukhala m'madzi ofunda osachigwedeza n'kutuluka bwinobwino, pomwe china chikhoza kukhwinyata m'madzi ozizira chifukwa cha manja a wochapa. Chinanso chimene chimafulumizitsa vutoli ndi kusintha madzi mwadzidzidzi, kuchapa m'madzi otentha kenako kutsukuluza m'madzi ozizira a pa mjigo.

Tsopano tiyeni tichape chipewa chimodzi pamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Titenge chipewa cha munthu wamkulu cha ubweya wa nkhosa, chopindika m'mphepete, chimene bambo wa kabaza wakhala akuvala m'mawa uliwonse mpaka mkombero wake wada ndi thukuta ndi mafuta odzola.

Musanachinyowetse, chiyezeni. Chigonekeni pa katoni yopanda ntchito, mujambule mzere mozungulira ndi pensulo. Ngati muli ndi tepi ya telala, mukhoza kupeza kuti m'lifupi ndi masentimita 24 ndipo kuchokera m'mphepete kufika pamwamba ndi masentimita 22. Lembani. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, komatu choluka chikanyowa chimataya maonekedwe ake, ndipo popanda mzere uja mudzangoyerekeza kukula kwake n'kuchikoka mopitirira.

Thirani malita 4 kapena 5 a madzi m'beseni loyera. Madziwo akhale ochotsa chabe kuzizira. Thupi la munthu limatentha madigiri 37, ndiye madzi a madigiri 30 mukaviikamo chigongono simuyenera kumva kufunda kwenikweni. Mukamva kuti akukoma kusamba, atentha kwambiri, onjezerani ozizira. Konzeranitu ndowa ina ya madzi ofunda pang'ono chimodzimodzi oti mudzatsukuluzire.

Pa sopo ndikufuna ndichedwepo pang'ono. Sopo wabwino wa ubweya amene ali kale m'nyumba zambiri ndi shampu wa tsitsi, makamaka wa ana, chifukwa ubweya ndi tsitsi basi. Supuni yaing'ono imodzi ikwanira m'beseni lija. Sopo wamadzi wotsukira mbale amathandizanso, madontho ochepa, makamaka pa chipewa cha mafuta ambiri. Sopo waufa wochapira zovala ndi waukali, ndipo mitundu yambiri amaikamo mankhwala osungunula zothimbirira za magazi, mazira ndi mkaka. Mankhwala amenewo sasiyanitsa dontho la dzira ndi ubweya, amadya zonse pang'onopang'ono, ulusi n'kumafooka. Sopo wamtanda ali ndi mavuto awiri. Kuti agwire muyenera kumupaka pa chovala, komwe ndi kufikisa kumene tikukana, ndipo m'madzi a mjigo amene sachita thovu msanga amasiya zoyera zomata m'kati mwa ulusi. Jiki ndiye musayandikize n'komwe. Amasungunula ubweya, ndipo chipewa choyera chimasanduka chachikasu m'malo moyera.

Sungunulani sopoyo m'madzi kaye. Tembenuzani chipewa kunja kukhale m'kati, muchimize, muchikanikize pansi ndi chikhatho mpaka mpweya utuluke. Kenako chisiyeni mphindi 10 kapena 15. Ndikudziwa kuti kwa mayi amene anazolowera kuchapa ndi mphamvu, kuyang'ana chovala chitangokhala m'madzi kumaoneka ngati ulesi, koma apa ntchito akugwira ndi madzi ndi sopo. Nthawiyo ikakwana, kanikizani ndi kusiya, kanikizani ndi kusiya, kangapo chabe. Pa mkombero pamene pada kwambiri, dontheretsani shampu pachala, mufinye malowo pakati pa zala mofatsa osapekesa nsalu ndi nsalu inzake. Ngati madzi ada kwambiri, ndi bwino kuviika kachiwiri m'madzi atsopano kusiyana ndi kuwonjezera mphamvu.

Potulutsa, ikani manja onse awiri pansi pa chipewa, muchinyamule chonse pamodzi. Mukachigwira pa nsonga, kulemera kwa madzi kumachikoka. Tayani madzi akuda, thirani a m'ndowa ija, chibwezereni, kanikizani, ndipo muchite zimenezi kawiri kapena katatu mpaka thovu lithe. Musachiike pansi pa mpopi wothamanga, chifukwa madzi ogwa mwamphamvu nawonso amafikisa. M'madzi omaliza mukhoza kuthira supuni yaikulu imodzi ya viniga woyera. Amachotsa ukali wa sopo wotsalira ndipo ubweya umatuluka wofewa. Fungo lake limatha chikauma.

Pofinya musapotokole. Chikanikizeni m'mbali mwa beseni, kenako chigonekeni pa thaulo louma, mukulunge thaulolo ndi chipewa m'kati, mupondepo kapena mugwadirepo. Mudzadabwa madzi amene thaulo limamwa. Tsopano bwererani ku katoni ija. Yalani kansalu kouma, gonekani chipewa, muchisisite ndi chikhatho mpaka chifanane ndi muyeso wanu wa 24 ndi 22. Mkombero wokhawo musaukoke. Ubwezereni pamodzi ndi zala kuti mizere yake iyandikane, chifukwa ndi umene umagwira mutu, ndipo ukauma uli wotamuka chipewa chizingogwera m'maso.

Yanikani chogoneka, pamthunzi podutsa mphepo, pa mkeka kapena pa thandala mutayalapo kansalu. Dzuwa lamphamvu limasulutsa mtundu ndi kuumitsa ubweya. Kukakhala chiperoni, chipewa chokhuthala chimatha tsiku lonse kapena masiku awiri chisanaume, ndiye muzichitembenuza ndi kusintha kansalu ka pansi kakanyowa. Apa ndi pamene ambiri amagonja n'kuchiyandikiza pa mbaula. Chonde musatero. Ubweya umapserera, ndipo akiriliki akamva moto amalefuka, amasalala, amanyezimira, ndipo sabwereranso mwakale. N'chimodzimodzi ndi simbi. Chipewa cha akiriliki chimene chasitidwa chimakula n'kukhala cholobodoka mpaka kalekale. Dziwaninso kuti ubweya umatha kusunga chinyezi chochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, koma osamveka kunyowa m'manja. Musanachisunge, chigwireni m'kati mwa mkombero wopinda. Pakamazizira, sichinaume.

Sikafu imachapidwa chimodzimodzi, koma vuto lake lalikulu ndi kutalika. Sikafu ya masentimita 150 yonyowa mukaikoleka pachingwe, mbali ziwiri zolendewera zimakoka, imatalika, imaonda, ndipo pakati pamatsala mzere wa chingwe. Ipindeni kawiri kapena katatu musanaiviike, muinyamule ili yopindapinda, ndipo poyanika muigoneke yonse pa mkeka, mbali zake zili zowongoka. Mphonje za kumapeto muzimange pamodzi momasuka ndi kachingwe kuti zisakolane, ndipo zikauma muzipese ndi zala. Masikafu a mizere ya mitundu yosiyana, monga aja ochemerera mpira ofiira ndi oyera, yesani kaye. Nyowetsani kansalu koyera, mukanikize pa mtundu wakudawo. Kakatenga mtundu, chapani sikafuyo payokha m'madzi ozizira, ndipo musaiviike nthawi yaitali.

Amene muli ndi makina ochapira, akiriliki mukhoza kumuchapa mmenemo pa madigiri 30, mutamuika m'kathumba ka neti kapena m'pilokesi yomanga kukamwa. Ubweya ulowe m'makina pokhapokha kansalu kake katanena kuti n'zololedwa, chifukwa ulipo ubweya umene amausalaza timamba tija kufakitale. Makina oumitsira ndi mpweya wotentha, amene abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande amadalira nyengo yozizira, amaphatikiza chinyezi, kutentha ndi kugubuduza nthawi imodzi, ndiye chipewa cha ubweya chisalowemo.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga changa chimene chakhwinyata kale, chingabwerere? Chiyang'aneni pa kuwala. Ngati maso a cholukacho akuonekabe limodzilimodzi ndipo mukachikoka chikutamuka, mwayi ulipo. Sungunulani masupuni aakulu awiri a kondishona wa tsitsi m'madzi ofunda pang'ono, muviike theka la ola, mufinye m'thaulo osatsukuluza kwambiri, kenako muchikoke pang'onopang'ono mbali zonse. Muchiveke pa kapoto kapena mpira wofanana ndi mutu wanu, mkombero uli panja, chiume chili pomwepo. Mukhoza kubweza sentimita imodzi kapena ziwiri. Koma ngati maso atsekeka, chakhuthala ndipo sichikutamuka, tsitsi lakolana kotheratu ndipo palibe mankhwala amene angalimasule. Chipewa chotero ndi chofunda kwambiri ndipo sichilowa mphepo, choncho mupatseni mwana amene chikumukwana.

Tibwere ku timibulu. Ulusi uliwonse ndi titsitsi tambirimbiri topotedwa pamodzi. Choluka chikamakhulana ndi chinthu china, nsonga za titsitsi tatifupi zimatuluka pamwamba, poyamba ngati kaubweya kowuluka, kenako zimapotana n'kukhala kabulu kogwiridwa ndi titsitsi tochepa totsalira mu ulusi. Ndiye timibulu si litsiro, ndipo kuchapa mwamphamvu kumangotichulukitsa. Pa ubweya wa nkhosa titsitsi togwirato timaduka, timibulu tambiri timagwa tokha, ndipo pakatha miyezi yoyamba vutoli limachepa chifukwa titsitsi tatifupi tatha. Pa akiriliki titsitsito n'tolimba, sitiduka, choncho timibulu timakhalitsa n'kumatola fumbi ndi ubweya wa zovala zina. N'chifukwa chake chipewa chakuda cha akiriliki chimachita timadontho toyera. Ndipo musaganize kuti kufewa kwa ulusi ndi chizindikiro choti sudzachita timibulu. Ulusi wofewa, wopotedwa momasuka, wolukidwa ndi maso aakulu, ndi umene umayamba. Inu oluka, mukamagula ulusi, upotoloreni pang'ono ndi zala. Wa mizere itatu kapena inayi yopotedwa zolimba umapirira kuposa wa mzere umodzi wonenepa, ndipo singano yocheperako pang'ono imatseka maso kuti titsitsi tisatuluke msanga.

Yang'anani pamene timibulu tachuluka, ndipo mudziwa chimene chikutiyambitsa. Pa sikafu, kawirikawiri ndi pansi pa chibwano pamene ndevu zongomera kumene zimakhula, pamene zipi ya jekete imadutsa, ndi paphewa pamene pamadutsa lamba wa chikwama. Zomata za jekete zija zolira mukamamatula ndi zoopsa kwambiri, muzizitseka musanavale sikafu. Pa chipewa, ndi pamene chimakhulana ndi chisoti cha njinga yamoto kapena kolala. Chinanso ndi chizolowezi chochiponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi ndi mabuku dzuwa likatuluka. Kathumba ka nsalu yosalala kosokedwa ndi chidutswa cha chitenje kamathetsa zimenezo. Kutembenuza pochapa kumathandizanso, komanso kusachapa pafupipafupi. Ubweya sugwira fungo msanga, ndiye kuuyanika pamphepo usiku umodzi kumakwanira nthawi zambiri, ndipo chipewa cha munthu wamkulu chikhoza kuchapidwa kawiri kapena katatu nyengo yonse yozizira. Cha khanda n'chosiyana, chimenecho chikada ndi mkaka kapena malovu chichapidwe tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ndi bwino kukhala nazo ziwiri kapena zitatu zosinthira.

Pochotsa timibulu musazule ndi zala. Kabulu kalikonse kamene mwazula kamakoka titsitsi tina kutuluka mu ulusi, ndipo mwakonza kale malo a kabulu kotsatira. Timibulu timadulidwa. Choluka chikhale chouma. Chiyaleni pa tebulo losalala, muchigwire ndi dzanja limodzi kuti chiwongoke popanda kuchikoka kwambiri. Tengani kalumo kometera ndevu kokhala ndi chogwirira, koyera, kamene kayamba kale kubuntha pang'ono, osati lezala lamaliseche. Metani mopepuka, pang'onopang'ono, motsatira mizere ya cholukacho kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo muzichotsa ubweya wodzaza m'kalumo pafupipafupi. Yambani pamalo obisika kuti dzanja lizolowere. Pamene pali maluko otukuka, opotana kapena a mabowo, kalumo kamadula ulusi, ndiye pamenepo gwiritsani sizasi yaing'ono, kudula kabulu kamodzikamodzi sizasiyo itagona. Ubweya wometedwawo mutole ndi selotepi yokulunga pa zala. M'masitolo ena a m'tauni mumapezeka timakina ta mabatire tometera zovala, ndipo timagwira bwino pa akiriliki. Koma kumeta kulikonse kumachotsa ulusi pang'ono, choncho kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira.

Kabulu musakasokoneze ndi ulusi umene wakoledwa ndi msomali kapena ndolo n'kutuluka ngati kagoli. Umenewo mukaudula mwatsegula bowo limene lizingokula. Lowetsani singano ya koloshi kuchokera m'kati, muukokere kuseri, kenako mutamule malowo mofatsa mbali zonse kuti ulusi ubwerere m'maso oyandikana nawo.

Ogasiti akamatha n'kuyamba kutentha, chapani zonse musanazisunge, ngakhale zikuoneka zoyera. Mphutsi za njenjete zimadya ubweya weniweni, ndipo zimakonda kwambiri pamene pali thukuta ndi mafuta a m'mutu. Mphemvu nazo zimatsata zakudya zimene zinadonthera pa sikafu n'kuboola ulusi. Zikauma kotheratu, zipindeni, musazikoleke pa msomali, ndipo muziike m'pilokesi yoyera kapena m'chidebe chotseka bwino, pamalo osafika chinyezi cha dzinja. Jumbo ya pulasitiki ndi yabwino pokhapokha choluka chitaumiratu, apo ayi mudzachipeza chachita nkhungu. Mukagula chipewa cha ubweya pa kaunjika n'kuona timabowo tating'ono kapena timaukonde toyera m'mapindo, musachisakanize ndi zinzake. Chimangeni mu jumbo, muchiike mufiriji mbali youmitsa madzi ija kwa sabata imodzi, kenako muchichape monga tafotokozera. Kumene kulibe firiji, chikung'untheni bwino panja, muchitsuke ndi kaburashi kofewa m'mapindo monse, muchiyanike padzuwa maola ochepa mbali zonse ziwiri, kenako muchichape ndi kuchisunga pachokha kwa milungu ingapo mukuyang'ana ngati timabowo tikuwonjezeka.